Chimbudzi cha mwana wa kamwazi: ndifese pa Makonki kapena pa SS?

Domingo (Angoniya), Lachitatu madzulo
Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndithandizeni ndisanalembe zotsatira mawa. Lolemba tinalandira chimbudzi cha mwana wa zaka 4, wadwala masiku atatu, thupi kutentha, chimbudzi cha magazi ndi zonanda ngati mamina. Chinachokera kutali, cha ku Domwe, panjinga yamoto. Ndinachiika mu selenaiti, msuzi wochulukitsira Salimonela, usiku wonse, Lachiwiri ndinafesa pa SS, mbale ya chakudya chosakira Salimonela ndi Shigela. Lero ndapeza makoloniya ochepa apinki, ndi ena otuwa okhala ndi kadontho kakuda bii pakati. Ndilembe kuti Salimonela? Funso lachiwiri: mbale zathu n'zowerengeka. Pa chimbudzi chotere, chabwino n'chiti, chakudya chosefa tizilombo kapena chosiyanitsa ndi mtundu?

A Jere
Kadontho kakuda pa SS ndiye Salimonela ameneyo, mphwanga. Ndipo wachita bwino kudzera mu selenaiti. M'chimbudzi muli gulu, ukafesa pa chakudya chofewa E. koli amadzaza mbale yonse, suona kanthu. Ine chimbudzi chilichonse ndi SS basi, zaka zonsezi.

Felisita (wophunzira, Moatize)
Ife m'kalasi anatiuza kuti pali seletivu, chakudya chosefa, ndi diferensiyali, chosiyanitsa ndi mtundu. Ndiye SS ili mbali ya seletivu, Makonki mbali ya diferensiyali, si choncho? Pa mayeso ndinayankha choncho ndipo anandichongera.

Mayi Nangozo (Tete)
Domingo, usalembe kaye. Ndiyankhe zinthu zitatu. Chimbudzicho chinatha maola angati panjira, ndipo chinali m'chiyani? Kupatula selenaiti, unafesa mwachindunji pa mbale ina iliyonse tsiku lomwelo? Ndipo yuleya uli nayo?

Domingo
Maola ngati 5, amayi, m'kabotolo wamba kopanda kanthu. Mwachindunji sindinafese, ndimasunga mbale. Yuleya ilipo, machubu 6 m'firiji.

Mayi Nangozo
Chabwino. Mawa m'mawa tola koloniya imodzi yakudayo, yoima payokha, upake pa yuleya mochuluka, uike mu esitufa, bokosi lofunditsira lija, pa madigiri 35 mpaka 37. Ukaona yayamba pinki pasanathe maola 4, ameneyo ndi Puroteusi, si Salimonela. A Jere, kudako kumangotanthauza kuti kachilomboko katulutsa mpweya uja wonunkha ngati dzira lovunda, mpweyawo wakumana ndi chitsulo chimene chili m'chakudyamo, pakuda. Salimonela amatero, inde, koma Puroteusi amatero, Sitirobakita ena amatero. Awiri omalizawa amapezeka m'mimba mwa anthu abwinobwino.

Koma chondidetsa nkhawa si chimenecho. Mwana wa magazi ndi zonanda, woyamba kumuganizira ndi Shigela. Ndipo njira imene wadutsa, Domingo, ili ngati unapangana ndi munthu kuti Shigela asaoneke. Maola 5 m'botolo louma: chimbudzi chikakhalitsa chimasasa, Shigela sapirira asidi, amayamba kufa. Selenaiti: anapangidwira kuchulukitsa Salimonela, Shigela ambiri sachulukamo. Kenako SS, imene ngakhale dzina lake lili ndi Shigela, mitundu ina ya Shigela simera bwino pamenepo. Zipata zitatu, chilichonse chikumutsekera.

A Jere
Amayi, SS si Salimonela-Shigela kodi? Opanga aja analemba dzinalo mosadziwa?

Mayi Nangozo
Dzina ndi dzina, achimwene. Tengani mabotolo awiriwo muwerenge kumbuyo. Pa Makonki wamba mchere wa ndulu umakhala magalamu 1.5 pa lita. Pa SS umakhala 8.5, kuonjezapo sitireti wambiri ndi utoto wobiriwira uja. Salimonela ndi wolimba, amadutsa. Shigela fulekisineri nthawi zambiri amadutsanso, n'chifukwa chake mwina munamuonapo pa SS. Koma disenteriye mtundu 1, amene amabweretsa miliri ya kamwazi woopsa, ndiye wosachedwa kufooka. Ndipo kachilombo kamene kavutika kale panjira kamalephera ngakhale pamene kamphamvu kakanamera.

Inu a ku Angoniya mumadziwa mankhwala opha udzu m'munda wa chimanga. Mukathira pang'ono udzu umatsala. Mukawirikiza kuti munda uyere mbee, chimanga chanthete chimapsa nacho. Kusefa kuli ndi mtengo wake, ndipo wolipira nthawi zina ndi yemwe mukumufunayo.

Felisita
Ndiye yankho langa la pa mayeso lija linali lolakwa?

Mayi Nangozo
Linali la pa mayeso, mwanangu. Pa benchi mbale zambiri zimagwira ntchito zonse ziwiri. Makonki amasefa: ndulu ndi utoto wofiirira uja zimaletsa a Giramu pozitivu. Makonki yemweyo amasiyanitsa: wodya lakitosi amatulutsa asidi n'kukhala pinki, wosadya amakhala mbuu. SS nayo imasefa n'kusiyanitsanso ndi lakitosi yemweyo ndi kuda kuja. Ndiye funso la Domingo silili loti iyi kapena iyo. Funso n'lakuti kusefa kukhale kolimba bwanji, ndipo mtundu umene mbale ikuonetsa ukusiyanitsa amene ndikumufuna ndi anzake amene amakhala naye kapena ayi.

Zosiyanitsa zokha popanda kusefa zilipo: agala wa magazi, ndi CLED wa mkodzo. Fesa chimbudzi pa agala wa magazi udzaone. Puroteusi mmodzi yekha amayenderera mbale yonse ngati mafunde, ndipo fungo lake ukangotsegula esitufa anzako amatuluka panja.

A Phiri (Zobwe)
Pepani ndalowa mochedwa. Nyengo ya mvula ino, kutsekula m'mimba kulikonse muzifesa pa TCBS, mbale yosakira kolera. Ife kuno kumalire anthu amadutsa ambiri, sitichita masewera. Madzi a peputoni a alikalini maola 6, kenako TCBS, mawa lake makoloniya achikasu. Domingo, TCBS uli nayo?

Domingo
Ilipo pang'ono, koma mwanayu si wa chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, madala. Ndi magazi ndi zonanda, pang'onopang'ono koma pafupipafupi.

A Phiri
Aa, ndinangoona mawu oti chimbudzi. Basi, ndakhala pansi.

Mayi Nangozo
Musakhale pansi, a Phiri, mwabweretsa chitsanzo chabwino. TCBS ndiye kusefa kolimba kumene kuli koyenera, chifukwa mumadziwa amene mukumusaka ndipo iye amakonda malo amene anzake amadana nawo: pH 8.6, mchere, ndulu. Koma mbale imeneyo imayankha funso limodzi lokha. Mwana wa Domingo mutamufesa pa TCBS, mawa mupeza mbale yopanda kanthu, n'kulemba kuti palibe chamera, pamene Shigela ali tho m'botolo. Ndipo ngakhale achikasu anuwo, okisidesi musayese kuchokera pa TCBS pomwepo, amanama. Asamutseni kaye pa agala wamba.

Domingo, Lachinayi m'mawa
Amayi, yuleya ndinapaka 7 koloko. Pofika 10 koloko yonse pinki psuu. Ndachita manyazi, pepala ndinali nditalemba kale ndi pensulo.

A Jere
Chikomekome cha nkuyu. Chabwino, pamenepo ndagonja. Koma pa SS sindinagonje.

Domingo
Nkhani ina: mayi wa mwana uja wabwera ndi mkulu wake wa mwanayo, wa zaka 7, wayamba dzulo zomwezo. Wamng'onoyo ali kale pa mankhwala kuyambira Lolemba, koma uyu sanamwe kalikonse. Anamwino andipatsa chimbudzi chake pompano, sichinathe mphindi 20. Ndili ndi Makonki wothira kale mbale 8, SS, ndi theka la botolo la ufa wa XLD limene palibe amaligwira. Ndichite bwanji?

Mayi Nangozo
Makonki fesa pompano, usadikire. Usangoviika ansa, kawaya kofesera kaja, paliponse: yang'ana kachidutswa ka zonanda kapena kamagazi, tola kameneko. Pa Makonki paka pang'ono kwambiri, chifukwa pafupifupi onse a m'mimba amera. Kokera magawo anayi, ukuwotcha ansa ndi kuidikira izizire pakati pa gawo lililonse. Mbale ikhale youma pamwamba. Ngati ili ndi thukuta la m'firiji, iike mu esitufa chozondoka, chivindikiro chotsegula pang'ono, mphindi 20 kapena 30.

Chimbudzi chotsalacho viika kathonje ukabaye mu Kari-Buleya, uja wosunga tizilombo kuti tisafe, ngati ulipo, uike m'firiji. Kenako konza XLD. Ona kaye tsiku lothera ntchito, ndipo ufawo ukhale woyoyoka. Ngati waundana ngati simenti yonyowa, wamwa chinyezi, usavutike nawo.

Domingo
Kari-Buleya ulipo wa m'bokosi la kolera. Ufa uli bwino, ukuyoyoka. Ndiyeza wa mamililita 200, zikwana mbale 10. Otokilavu 121 mphindi 15 monga mwa masiku onse?

Mayi Nangozo
Ayi! XLD salowa mu otokilavu. Werenga pa botolo, palembedwa. Tenthetsa ukuvundula mpaka ingowira ndi kusungunuka, uchotse pamoto nthawi yomweyo, izizire kufika madigiri 50, uthire. Ukaipsereza imachita matope pansi, shuga amawonongeka, mitundu imasokonekera. Ikatuluka bwino imakhala yofiira, yoonekera. SS ndi TCBS nazonso chimodzimodzi, sizifuna otokilavu.

A Jere
Iyi ya SS ndimaidziwa. Koma ndinaonapo mnzathu wina, sinditchula malo, ankaiphika mu otokilavu mwezi wathunthu, akudabwa kuti E. koli akumera ngati pa Makonki.

Mayi Nangozo
Eya, mphamvu yosefa ija imathera pamoto. Domingo, pa XLD paka mochulukirapo kuposa pa Makonki, chifukwa ambiri atsalira pachipata. Ndipo popeza ufawo wakhalitsa, pereka mbale imodzi kuti iyesedwe: ngati muli ndi E. koli ATCC 25922 ndi Shigela fulekisineri ATCC 12022, fesa theka uyu theka uyu. Woyamba atuluke wachikasu ndi wofooka, wachiwiri wofiira.

Domingo
E. koli yekha ndi amene tili naye.

Mayi Nangozo
Yesa ameneyo, ndi Puroteusi wako wa dzulo mbali inayo. Sizikuuza ngati Shigela amera, koma uona ngati chikasu ndi kuda zikugwira.

Bambo Zakariya (za ziweto, Tsangano)
Ndilowereko ndi yanga, poti mukukamba za Makonki. Mwezi watha ng'ombe ya mkaka ya mlimi wina inatupa bere limodzi, mkaka wa mibulu. Ndinatumiza mkaka, anaufesa pa Makonki, yankho linabwera loti palibe chamera. Koma ng'ombe ikudwala ndithu, bere lili gwa. Ndiye Makonki ameneyu mukumutamayu ine ndilibe naye chikhulupiriro.

Felisita
Mwina mkakawo unawonongeka panjira?

Mayi Nangozo
Mwina, koma ndikukayika. Bambo Zakariya, matenda a bere kawirikawiri amabwera ndi Sitafilokokasi kapena Siterepitokokasi, onse a Giramu pozitivu, omwe Makonki anapangidwira kuwaletsa. Mbale inachita ntchito yake, wosankha mbale ndiye anaphonya. Mkaka wokamidwa mwaukhondo, mutapukuta nsonga ya bere ndi kutaya mikamo yoyamba, si gulu ngati chimbudzi. Pamenepo mbale yoyamba ndi agala wa magazi, kuti aliyense amere muone amene akuswa magazi. Makonki abwere pambali, wa E. koli ndi Kilebusiyela. Mukamatumizanso lembani pa pepala kuti mukufuna agala wa magazi.

Bambo Zakariya
Nanga uja wa mchere wambiri, wosanduka chikasu?

Mayi Nangozo
Manitolo wa mchere, 7.5 pa 100. Amathandiza ngati mkaka wadetsedwa ndipo mukusaka Sitafilokokasi yekha. Koma Siterepitokokasi samera pamenepo, ndiye mubwereranso ndi yankho lija la palibe chamera.

Domingo, Lachisanu m'mawa
Ndawerenga. Makonki wakwana maola 22, XLD maola 19. Pa Makonki gawo loyamba ndi lachiwiri ndi pinki yokhayokha, yothithikana. Gawo lachitatu ndi lachinayi kuli apinki akuluakulu, koma pakati pawo tiliponso ting'onoting'ono totuwa, toonekera ngati timadontho ta madzi, ndawerenga 9. Pa XLD achikasu alipo koma ochepa, ndipo pali tofiira tambiri, milimita imodzi kapena ziwiri, topanda kuda pakati. Mbale yoyesera ija: E. koli wachikasu, Puroteusi wakuda pakati.

Felisita
Ine apa ndasokonezeka. Pa Makonki wofiira ndi wosafunika, pa XLD wofiira ndi amene tikumufuna?

Mayi Nangozo
Ambiri amagwa pomwepo. Utoto wake ndi wosiyana. Wa mu Makonki umafiira pakakhala asidi. Wa mu XLD ndi wofiira kale, asidi amausandutsa chikasu. Ndiye pa XLD wofiira ndi amene sanasinthe kanthu.

Mmene anaikonzera XLD n'zochenjera. Muli shuga atatu: zailosi pang'ono, lakitosi ndi sukurosi ochuluka. E. koli amadya mpaka kukhuta, asidi wambiri, chikasu. Shigela sadya ngakhale mmodzi pa tsiku loyambalo, amangokhala wofiira. Salimonela amadya zailosi yekha, amamumaliza msanga poti ndi wochepa, n'kutembenukira ku laisini, ndipo zimenezo zimabweza mtundu kukhala wofiira, kuda kuja n'kutulukira pakati. N'chifukwa chake nthawi yowerenga ndi maola 18 mpaka 24. Mukaisiya mpaka Lolemba, asidi wa achikasu aja amazilala, nawonso amayamba kufiira, mbale yonse n'kukhala ya okayikitsa. Pa Makonki namonso, Shigela sonei akakhalitsa amayamba kudya lakitosi mochedwa n'kuchita kapinki.

Domingo, waona kuti m'gawo loyamba la Makonki simunaoneke wotuwa ngakhale mmodzi? Alimo, koma asidi wa anzawo wawapaka onse. Mtundu umawerengeka pa koloniya yoima payokha basi.

A Jere
Ndiye mwavomereza zanga zija, amayi. Pa Makonki 9 okha, pa mbale yosefa ambiri. Mwanayu akanabwera tsiku lachisanu la matenda, tizilombo titachepa, pa Makonki simukanaona kanthu.

Mayi Nangozo
Pamenepo mukunena zoona, ndipo n'chifukwa chake sindinanene kuti Makonki yekha. Ziwiri: yofewa imodzi kuti wofooka asatayike, yolimbirapo imodzi kuti wochepa asabisike. Pamene tikusiyana ndi pa yachiwiriyo. Ine XLD, inu SS.

A Jere
XLD sitilandira kawirikawiri. Chimene chimabwera ndi SS. Nditaye?

Mayi Nangozo
Musataye. Pa munthu amene mukuganizira Salimonela, selenaiti ndi SS zimagwira ntchito, bola musapitirire maola 18 mu selenaiti, chifukwa mphamvu yake ikatha E. koli amadzukanso. Koma pa chimbudzi cha magazi, SS isayende yokha.

A Jere
Ine ndikanakonda Domingo akanafesanso pa SS dzulo lomwelo, tione ngati sakanamera. Tikukangana popanda mboni.

Domingo
Kathonje ka mu Kari-Buleya kakadali m'firiji, madala. Ndifesa lero pa SS, mbale imodzi sindifa nayo. Amayi, tofiirati nditani nato?

Mayi Nangozo
Tola atatu, awiri pa XLD, mmodzi wotuwa wa pa Makonki. Gwiritsa waya wowongoka, ukhudze pamwamba pa koloniya pokha, osakanda agala. Pa mbale yosefa, amene sanamere sikuti onse anafa. Ena angokhala chete pamenepo, ukawakokera mu chubu mopanda choletsa amadzuka n'kukusokonezera zonse. Aliyense umubaye mu KIA, chubu choonera shuga amene akudya ndi mpweya umene akutulutsa, mu yuleya, ndi mu chubu choonera kuyenda. Zivindikiro usamange kwambiri. Waya womwewo upake pa agala wamba kuti mawa uone ngati ndi mtundu umodzi, ndipo okisidesi udzayesere pamenepo.

Domingo, Loweruka
Onse atatu afanana. KIA pamwamba pofiira, pansi pachikasu, palibe mpweya, palibe kuda. Yuleya sinasinthe. Kuyenda sakuyenda, amera mu mzere wa waya mokha. Okisidesi palibe. Pa SS pamera totuwa 4 tating'ono kwambiri, ndi apinki ochepa.

A Jere
Amera! Mwaona?

Mayi Nangozo
Amera 4, pamene pa XLD anali osawerengeka. Koma kathonjeko kagona usiku m'firiji, ndiye mlanduwu sunathe, a Jere, tisanamizane.

Domingo, lemba kuti akuganiziridwa kuti ndi Shigela, kutsimikiza kukubwera, ndipo uwauze adokotala lero lomwe. Usalembe mtundu wake. Alipo ma E. koli ena osayenda, osatulutsa mpweya, osadya lakitosi, amene amafanana naye mpaka pamenepa, pafunika maseramu. Ngati mulibe, baya koloniya yoyera mu kachubu ka agala wamba utumize ku labu yaikulu, pamodzi ndi pempho loyesa mankhwala. Mbale zimenezo uzigwire ndi magolovesi, Shigela safuna ambiri kuti akudwalitse.

Domingo
Maseramu tilibe, nditumiza Lolemba. Nanga wamng'ono uja ndilembe chiyani? Puroteusi?

Mayi Nangozo
Ayi, Puroteusi wa m'chimbudzi salembedwa, wina angamupatsire mankhwala pachabe. Lemba kuti Salimonela sanapezeke, ndipo kuti chimbudzi chinafika mochedwa chopanda Kari-Buleya, choncho Shigela sitingamukane.

Felisita
Koma si zoonekeratu kuti ndi Shigela yemweyo, poti ndi nyumba imodzi?

A Phiri
Adokotala aganiza choncho okha. Ife timalemba zimene zamera.

Domingo
Ndayang'ana m'kaundula wathu. Kuyambira Novembala zimbudzi za magazi zinali zingapo ndithu, zonse selenaiti kenako SS, zonse ndinalemba kuti palibe. Lolemba ndikapempha kuti machubu ena a Kari-Buleya apite ku zipatala zing'onozing'ono zimene zimatitumizira. A Jere, mbale za XLD zanditsalira 8. Zimbudzi zamagazi zikubwerazi ndizifesa pa zonse zitatu tsiku limodzi, ndizikutumizirani zithunzi.

A Jere
Uzijambula pawindo, osati pansi pa getsi lachikasu lija. Chithunzi chako cha SS ndachiyang'ana kawiri osaona kanthu.